Kalata yolangiza ophunzira kutumiza chithunzi cha ntchito yawo ndi funso lomveka

"Ndimaphunzitsa masamu. Ana a m'kalasi mwanga ali ndi mphunzitsi wina amene amawathandiza pafoni akaweruka. Iyeyo akudandaula kuti zithunzi zimene anawa amatumiza sizioneka, ndipo ambiri amangolemba kuti 'thandizeni'. Ndikufuna kuwalembera kalata yowalangiza. Kodi ndilembemo zotani?"

Aphunzitsi, kalata yanu itsamire pa mfundo imodzi imene ana sayiganizira: amene akulandira uthenga wawo sali nawo pafupi. M'kalasi mwana akati sakumva, inu mumawerama pa desiki yake, n'kuona buku lili chitsegulire, n'kuona mzere umene pensulo yaimira, ngakhale pamene wafufuta mumapaona. Musanamufunse n'komwe mumakhala mutadziwa kale chimene chamusokoneza. Mnzanu wa pafoniyo zonsezi alibe. Chimene ali nacho ndi chithunzi ndi mawu ochepa amene mwana walemba pansi pake. Choncho mwana ayenera kutumiza zinthu zitatu nthawi imodzi: funso monga lalembedwera m'buku, zimene iye wayesa kuchita, ndi mawu osonyeza mzere weniweni umene wakanirira. Pa zitatuzi, chimene ana amabisa kwambiri ndi chachiwiricho, pomwe ndicho chofunika kuposa zinazo.

Tiyeni titenge samu imodzi kuti muone chifukwa chake. Funso la m'buku ndi ili:

3(x − 4) = 2x + 5

Mwana walemba m'kope mwake kuti 3x − 4 = 2x + 5, kenako 3x − 2x = 5 + 4, n'kupeza x = 9. Kumapeto kwa buku yankho ndi 17. Apa mwana wakhumudwa, ndipo watenga foni.

Akajambula funso lokha n'kulemba kuti "thandizeni", mphunzitsi wothandizirayo angachite chiyani? Angoisova samu yonse n'kutumiza: 3x − 12 = 2x + 5, x = 17. Mwana akopera m'kope, ntchito ya mawa yatha, koma sanadziwe kuti iye analakwitsa pati. Sabata yamawa akakumana ndi 5(y − 2) adzalembanso 5y − 2. Mphunzitsiyo mwina anathera nthawi kufotokoza za kusamutsa 2x kupita mbali inayo, chinthu chimene mwanayu amachidziwa kale bwinobwino.

Koma akajambula funso pamodzi ndi mizere yake itatu ija, vuto limaonekera pompo. Mzere wachiwiri ndi wachitatu alibe mlandu, chifukwa kuchokera pa 3x − 4 = 2x + 5 munthu amapezadi 9. Cholakwika chili pa mzere woyamba: wachulukitsa 3 ndi x koma wasiya 4 osamuchulukitsa. Yankho la mphunzitsi likhoza kukhala chiganizo chimodzi: "Taonanso mzere wako woyamba, kodi 3 wa kunja kwa mabulaketi wachulukitsa zonse za m'kati?" Mwana akonza yekha, ndipo chimene wakonza yekha sachiiwala msanga. N'chifukwa chake m'kalatamo muwauze mosapsatira kuti asafufute ntchito yolakwika asanajambule, ndiponso asaikopere patsamba lina kuti ioneke yaukhondo. Ana ambiri amachita manyazi ndi kope lodetsedwa, ndiye mawu anu ayenera kuwachotsa manyaziwo. Ngati afuna kusiya mzere, audule ndi kamzere kamodzi kopyapyala kuti zolembedwazo ziziwerengekabe.

Samu yomweyi ikutiuzanso za chithunzi. Tiyerekeze kuti chithunzi chatuluka cha chimbuuzi, ndipo mphunzitsi wawerenga chizindikiro chochotsera cha m'mabulaketi ngati chophatikiza. Asova 3(x + 4) = 2x + 5, n'kupeza x = −7. Tsopano mwana ali ndi mayankho atatu, lake 9, la m'buku 17, la mphunzitsi −7, ndipo sadziwa wokhulupirira. Chithunzi chimene mutu wa tsamba ukuwerengeka koma tizizindikiro tating'ono sitikuoneka n'choopsa kuposa chimene chada chonse, chifukwa chodacho mphunzitsi amachibweza, pomwe ichi amachiwerenga molakwika osadziwa.

Inuyo mukamvetsa chimene chimawononga tizizindikiro timeneti, malangizo anu adzakhala ochepa koma olasa. Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. Kamera ya mamegapikiselo 12 imajambula madontho pafupifupi 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, koma mapulogalamu otumizirana mauthenga amachichepetsa chithunzicho kuti chisadye deta yambiri. Tinene kuti mbali yaitali yatsala ndi madontho 1600. Pepala la A4 ndi lalitali mamilimita 297, kotero ngati pepalalo ladzaza chithunzi chonse, milimita iliyonse ikhala ndi madontho asanu. Kamzere ka chizindikiro chochotsera, kapena kadontho ka desimolo, kukhuthala kwake ndi theka la milimita kapena kuchepera apo, ndiye kapeza madontho awiri kapena atatu. Kaoneka, koma movutikira. Tsono mwana akajambulira patali, kope n'kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa chithunzi, kwinako kukuoneka tebulo ndi miyendo yake, kamzere kaja sikapeza ngakhale dontho limodzi lathunthu. Kasungunuka. Mphunzitsi ngakhale akulitse chithunzi chotani, sangabweze chimene sichinajambulidwe.

Mankhwala ake ndi kusendeza foni pafupi kuti funso limodzi ndi ntchito yake zidzaze sikirini. Theka la tsamba ndi muyeso wabwino. Masamba awiri a buku lotsegula pa chithunzi chimodzi ayi, chifukwa zolemba zimachepa ndipo pakati pa buku pamene pamapindika pamada. Asasendeze mopitirira muyeso, poti makamera ambiri a foni amalephera kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kwambiri, monga masentimita osakwana 10. Mtunda wa masentimita 15 mpaka 20 umakwanira theka la tsamba pa mafoni ambiri. Kukoka chithunzi ndi zala pa kamera m'malo mosendeza foni sikuthandiza pa mafoni ambiri, chifukwa kumangokulitsa madontho omwe aja.

Chachiwiri ndi kuwala, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amagwera, chifukwa ntchito ya kunyumba amailemba madzulo. Kukakhala mdima kamera imatenga nthawi yotalikirapo kuti isonkhanitse kuwala kokwanira, ndipo dzanja likangogwedezeka pang'ono pa nthawiyo zilembo zimatuluka ngati zapakika. Mungazindikire vuto limeneli poona kuti zilembo zonse zakokekera mbali imodzi, kapena zikuoneka ziwiriziwiri. Ngati chithunzi chonse chili ngati chakutidwa ndi nkhungu, makamaka pafupi ndi pamene pakuwala, ndiye kuti diso la kamera lili ndi mafuta a zala, ndipo kulipukuta ndi kansalu kofewa kumathetsa nkhaniyo. Ngati tebulo likuoneka bwino koma zolemba ayi, kamera yaloza polakwika, ndipo mwana anayenera kugunda ndi chala pa zolembazo pasikirini n'kudikira kaye kuti ziwale bwino asanajambule. Fulashi imaoneka ngati yothandiza koma nthawi zambiri imawononga: pa pepala losalala la buku imasiya banga loyera pakati penipeni, ndipo zolemba za pensulo zimanyezimira n'kuzimiririka. Kuwala kwabwino ndi kochokera chammbali, monga pafupi ndi zenera masana kapena nyale itaikidwa pambali pa kope. Nyale ikakhala kumbuyo kwa mwana kapena pamwamba pa mutu wake, mthunzi wa foni ndi dzanja umagwera pa tsamba pomwe akufuna kujambulapo.

Za kapendekedwe sindichulutsa. Kope ligone pathyathyathya, foni ikhale pamwamba pake moyang'anizana nalo. Ikapendekeka, mizere ya kumunsi imakula, ya kumtunda n'kuchepa ndi kuchita chimbuuzi, ndipo pa zojambula za jometire ngodya zimasintha maonekedwe. Mwana adziwa kuti wagwira bwino m'mphepete mwa pepala mukamayenda mofanana ndi m'mphepete mwa sikirini.

Ena adzakuuzani kuti ana azitumiza chithunzi chilichonse ngati fayilo, monga posankha Document pa WhatsApp, kuti chisachepetsedwe. N'zoona kuti njira imeneyi imasunga chithunzi mmene chinajambulidwira, ndipo kuyambira 2023 pulogalamu yomweyo ili ndi batani la HD limene limachepetsa pang'ono chabe. Koma ine sindingaike zimenezi kukhala lamulo la tsiku ndi tsiku. Fayilo yotere imalemera mamegabaiti angapo, imachedwa kupita netiweki ikavuta, ndipo siikonza chithunzi chimene chinagwedezeka kapena chojambulidwa mumdima. Isungireni magirafu, mapu ndi zojambula za tizilembo tambiri. Pa samu wamba, kujambulira pafupi n'kokwanira.

Tibwere ku funso lenilenilo. Mukangolemba kuti "funsani momveka bwino" simunawathandize, chifukwa mwana amene wasokonezeka kawirikawiri sadziwa dzina la chimene chamusokoneza. Njira imene imagwira ntchito ndi kumupatsa chochita ndi dzanja, ndiponso poyambira chiganizo. Chochita ndi dzanja n'chakuti alembe manambala m'mphepete mwa mizere ya ntchito yake, 1, 2, 3, kenako aike kamuvi pa mzere umene wayamba kukayikira. Akatero, iye ndi mphunzitsi ali ndi chilankhulo chimodzi, ndipo "apa" ndi "paja" zimatha. Nthawi zina pongolemba manambalawo mwana amadzionera yekha cholakwa, uthenga osatumizanso.

Kukanirira kwa mwana kumakhala kwa mitundu yosiyana, ndipo mtundu uliwonse umafuna yankho lake. Wina sakumva liwu lina la m'funso. Wina funso walimva koma sakudziwa poyambira. Wina wayamba n'kuima pakati, ndipo wina wamaliza koma yankho lake lasiyana ndi la m'buku. Mwana akangonena kuti ali pa mtundu uti, mphunzitsi wapeza kale theka la yankho. Amene sanathe kuyamba n'komwe musamutsekere kunja ndi lamulo lakuti aliyense aonetse zimene wayesa, chifukwa adzangosiya kufunsa, kapena adzalemba zilizonse kuti akwaniritse lamulo. Iyeyu alembe zimene funso lapereka ndi chimene likufuna kuti apeze. Kumeneko n'kuyesa kokwanira, ndipo kumaonetsa ngati wawerenga funso molondola.

Kalata yeniyeniyo ikhale yaifupi kuposa zonse ndafotokozazi, yokwana tsamba limodzi. Zifukwa za madontho ndi zanu, ana apatseni zochita. Nayi imene mungaisinthe monga mufunira:

Okondedwa ophunzira anga,

Aphunzitsi amene amakuthandizani pafoni amafunitsitsa kuyankha aliyense wa inu, koma iwo saona kope lanu monga ndimalionera ine m'kalasi. Amaona chokhacho chimene mwajambula ndi chimene mwalemba. Tsatirani izi kuti akuthandizeni msanga.

Musanagwire foni, yesani kaye funsolo m'kope. Mukalakwitsa musafufute, ndipo musakopere pena. Aphunzitsi akufuna kuona pamene mwalakwitsapo, chifukwa ndi pamene pali thandizo lanu. Palibe amene adzakusekeni kapena kukudulani malikisi chifukwa cha zimenezi. Lembani manambala m'mphepete mwa mizere yanu, ndipo ikani kamuvi pa mzere umene mukukayikira. Ngati simunathe kuyamba, lembani zimene funso lakupatsani ndi chimene likufuna.

Pojambula, goneketsani kope pamalo powala, kuwala kuzichokera pambali. Zimitsani fulashi. Pukutani diso la kamera. Gwirani foni ndi manja awiri pamwamba pa tsamba, isendezeni mpaka funso lanu lidzaze sikirini, gundani ndi chala pa zolemba, dikirani pang'ono, kenako jambulani. Funso lioneke lonse: nambala yake, malangizo a pamwamba pake, ndi chojambula kapena tebulo ngati lilipo. Ngati funso lili m'buku ndipo ntchito yanu ili m'kope, jambulani zithunzi ziwiri, cha funso chitsogole.

Musanatumize, tsegulani chithunzicho, chikulitseni ndi zala, ndipo werengani kachizindikiro kochepetsetsa kamene kali pakona. Ngati inuyo mukuchita kuganizira kuti ndi chiyani, aphunzitsi sangakawerenge. Jambulaninso. Ngati chithunzi chagona chammbali, chitembenuzeni.

Pansi pa chithunzi lembani phunziro, tsamba ndi nambala ya funso, kenako funso lanu. Mutha kuyamba ndi amodzi mwa mawu awa: "Sindikumva tanthauzo la liwu lakuti...", "Funso ndalimva koma sindikudziwa poyambira", "Ndafika pa mzere 2 ndipo ndakanirira chifukwa...", "Ndapeza yankho ili koma buku likuti...". Nachi chitsanzo: "Aphunzitsi, masamu, tsamba 46, funso 5. Ndapeza x = 9 koma buku likuti 17. Ndikaika 9 m'funso, mbali ina ikupereka 15, ina 23. Ndikukayikira mzere 1 pamene ndachotsa mabulaketi. Kodi ndalakwitsa chiyani pamenepo?"

Uthenga umodzi ukhale wa funso limodzi. Ngati muli ndi mafunso atatu, tumizani mauthenga atatu, uliwonse ndi chithunzi chake. Nenaninso tsiku limene ntchitoyo ikufunika kusukulu. Pa chithunzi pazioneka tsamba lokha, osati nkhope yanu, ya mnzanu kapena zinthu za m'nyumba. Aphunzitsi akakuyankhani, konzani ntchito yanu ndipo muwatumizire chithunzi cha zimene mwakonza.

Ndine mphunzitsi wanu.

Onani chitsanzo cha uthenga chili m'kalatamo. Mwanayo wabweza 9 wake m'funso: 3(9 − 4) yapereka 15, ndipo 2 × 9 + 5 yapereka 23. Potero watsimikiza yekha kuti cholakwa chili mwa iye osati m'buku, chinthu chofunika chifukwa mabuku nawonso nthawi zina amasindikiza yankho lolakwika. Akaika 17, mbali zonse zipereka 39. Ndaika zimenezi dala kuti ana atengere chizolowezicho popanda kuchipanga lamulo lina. Nambala ya tsamba ndi funso musinthe kuti zigwirizane ndi buku limene ana anu ali nalo m'manja, ndipo ngati n'kotheka gwiritsani ntchito samu imene mwaphunzitsa sabata yomweyo.

Lamulo la malangizo a pamwamba likuoneka laling'ono, koma ndi limene limabweretsa mayankho ambiri osayenera. M'mabuku, malangizo amalembedwa kamodzi pamwamba pa mafunso khumi kapena kuposa. Mwana akajambula funso lachisanu ndi chiwiri lokha, mphunzitsi aona x² + 5x + 6 popanda chomuuza ngati akufunika kupeza mafakitala ake, kujambula girafu, kapena kupeza mtengo wake x akakhala 2. Zonsezi ndi ntchito zosiyana. Malangizowo akakhala kutali ndi funso, mwana awalembe m'mawu a pansi pa chithunzi.

Pa mauthenga a mawu ojambulidwa, maganizo anga ndi akuti muwalole ngati chowonjezera, makamaka kwa mwana amene amafotokoza bwino pakamwa kuposa polemba. Koma asalowe m'malo mwa chithunzi. Munthu akanena pakamwa kuti "3 kuchulukitsa x kuchotsa 4", womva sangadziwe ngati ndi 3x − 4 kapena 3(x − 4), ndipo kusiyana kumeneku ndiko kunali vuto lonse la mwana wathu uja.

Kalatayi isanapite kwa ana, ionetseni kwa mphunzitsi wothandizirayo. Mugwirizane maola amene amayankha ndi nthawi imene mwana angadikire, n'kuzilemba m'kalatamo, kuti mwana asatumize chithunzi chomwecho kasanu poganiza kuti sichinafike. Mugwirizanenso chimene iye azichita akalandira uthenga wosakwanira. Akapitiriza kusova masamu onse obwera ndi "thandizeni", kalata yanu idzafa m'sabata imodzi, chifukwa ana adzaona kuti njira yachidule ikugwirabe ntchito. Ndi bwino azibweza ndi mawu achifundo koma omwewomwewo nthawi zonse, monga akuti "Ndionetse zimene wayesa, ndipo undiuze mzere." Popeza awa ndi ana ndipo ambiri amabwereka foni ya kholo, makolo alandire kalata yomweyi, ndipo mauthenga azidutsa pamalo pamene kholo kapena inuyo mungawaone.

Pomaliza, musangogawa kalata n'kusiya. Patulani mphindi 15 za phunziro limodzi. Jambulani tsamba limodzi kawiri, china patali ndi mopendekeka, china monga kalata ikunenera, ndipo muyendetse foni kuti ana awerenge mokweza samu imene ili pa chithunzi chilichonse. Akasemphana pa chizindikiro chimodzi adzamvetsa okha chifukwa cha lamulolo. Kenako akhale awiriawiri. Aliyense alembe papepala uthenga umene akanatumiza pa funso limene lamuvuta, apatse mnzake pamodzi ndi kope, ndipo mnzakeyo aloze mzere wa vuto popanda kufunsa kanthu pakamwa. Akalephera kuloza, wolembayo akonze uthenga wake mpaka mnzakeyo aloze mzere woyenera. Pakatha sabata ziwiri, pemphani mphunzitsi wothandizirayo akuuzeni lamulo limene ana akuliphonyabe kwambiri, ndipo mubwereze lokhalo m'kalasi.